Kamwedwe ka Mafuta: Makilomita pa Lita kapena Malita pa Makilomita 100?

Kamwedwe ka mafuta ka galimoto kamayezedwa m'njira ziwiri. Yoyamba imanena mtunda umene galimoto imayenda ndi lita imodzi, ndipo imalembedwa km/L. Yachiwiri imanena malita amene galimoto imamwa pa makilomita 100, ndipo imalembedwa L/100 km. Ku Japan ndi ku India amagwiritsa ntchito yoyambayo, pomwe ku South Africa ndi m'maiko ambiri a ku Ulaya anazolowera yachiwiriyo. M'misewu ya ku Malawi zonse zimapezeka, chifukwa galimoto zambiri zakale zimachokera ku Japan, zina ku South Africa, iliyonse ndi kalembedwe ka kwawo pa dashibodi.

Miyezo iwiriyi imayenda motembenuzana. Pa km/L, nambala ikakula ndiye kuti galimoto sikumwa kwambiri, koma pa L/100 km yosamwa ndi ija ya nambala yaying'ono. Kusintha muyezo wina kuti ukhale unzake n'kosavuta: 100 amagawidwa ndi nambala yomwe ilipoyo. Galimoto ya 20 km/L imamwa malita 5 pa makilomita 100, ndipo ya 12.5 L/100 km imayenda makilomita 8 pa lita.

Posiyanitsa galimoto ziwiri m'pamene km/L imapusitsa anthu. Mwini pikiapu ya 8 km/L akaisinthanitsa ndi ya 10 km/L, zimaoneka ngati wapindula pang'ono, makilomita awiri okha pa lita. Mnzake wosiya kagalimoto ka 20 km/L n'kugula ka 25 km/L amaoneka ngati ndiye wachita bwino, poti wawonjezera makilomita asanu. Masamu amatsutsa zimenezi. Pikiapu yachoka pa malita 12.5 kufika pa malita 10 pa makilomita 100 alionse, pomwe kagalimoto kachoka pa 5 kufika pa 4. Onse akayenda makilomita 10,000, wa pikiapu amapulumutsa malita 250, mnzake uja malita 100 basi.

Chifukwa chake n'chakuti munthu sayamba wagula lita kenako n'kuganiza kopita. Ulendo umakhala ulipo kale, kaya ndi wa ku ntchito kaya ndi wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, womwe ndi makilomita oposa 300 pang'ono, ndipo chosadziwika ndi malita amene ulendowo udye. Muyezo wa L/100 km umayankha funso limeneli mwachindunji. Ngati galimoto imamwa malita 7 pa makilomita 100, ulendo wa makilomita 300 ukufuna malita 21, ndipo chotsala ndi kuchulukitsa ndi mtengo wa pa pampu. Komabe km/L ili ndi pake pamene imathandiza. Kanyali ka mafuta kakayaka m'thanki mutatsala malita 5, dalaivala wa galimoto ya 14 km/L amadziwiratu kuti makilomita 70 asanakwane ayenera kukhala atapeza pomwetsera.

Kuphatikiza maulendo awiri nakonso kumasokoneza. Galimoto itayenda makilomita 100 m'tauni pa 10 km/L, ena 100 mumsewu waukulu pa 20 km/L, ambiri angati pakatikati pake ndi 15 km/L. Koma m'tauni yamwa malita 10, mumsewu waukulu malita 5, onse pamodzi 15 pa makilomita 200, zomwe zikupereka 13.3 km/L. Pa muyezo winawo vutoli palibe malinga ngati mitunda ili yofanana: pakati pa 10 ndi 5 ndi 7.5 L/100 km, ndipo limenelo ndilo yankho loona.

Nambala yolembedwa m'kabuku ka galimoto imachokera ku mayeso a m'nyumba yoyesera, osati a mumsewu wa maenje, katundu ali tho kumbuyo. Galimoto zambiri zakale za ku Japan zinayesedwa ndi njira yotchedwa JC08, yomwe manambala ake amakhala okoma kuposa zimene dalaivala amaona tsiku ndi tsiku. Yeniyeni imapezeka pa pampu. Thanki imadzazidwa mpaka pampu idule yokha, TRIP pa dashibodi imabwezedwa pa ziro, ndipo pakapita mtunda wautali ndithu thanki imadzazidwanso chimodzimodzi. Ngati yalowa malita 36 TRIP ikuonetsa makilomita 450, kugawa 450 ndi 36 kumapereka 12.5 km/L, komwe ndi 8 L/100 km. Kuthira mafuta ongokwanira ndalama yomwe ili m'thumba sikungapereke nambala imeneyi, chifukwa sipadziwika amene anatsala m'thanki. Nambala ya 8 ikayamba kukwera kufika 9 kapena 10 maulendo ake ali omwewo, zoyamba kuziyang'ana ndi mpweya wa m'matayala, sefa ya mpweya, mapulagi ndi mabuleki ogwira.