Katemera Akazizira Kwambiri: Zimene Tchati cha pa Firiji Chimaulula

Mayi akapita ndi mwana kusikelo amaona jakisoni, thonje ndi dzanja la mlangizi wa zaumoyo. Saona kapepala kokhala ndi timabokosi tambirimbiri kamene kamamatidwa pa chivundikiro cha firiji m'chipinda cham'kati. Komatu kapepala kameneko ndi kamene kamanena ngati zimene zalowa m'ntchafu ya mwanayo zili ndi mphamvu kapena zinafa kale.

Lamulo lake ndi lalifupi. Pachipatala chaching'ono katemera yense amasungidwa pakati pa 2°C ndi 8°C. Wosamalira firiji amawerenga kawiri pa tsiku, m'mawa pofika ndi madzulo poweruka, n'kulemba pa tchati nambala, nthawi ndi dzina lake. Loweruka, Lamulungu ndi masiku a tchuthi nawonso ali ndi timabokosi tawo, chifukwa firiji sipuma. Tchati chikadzaza mwezi ukatha sichitayidwa. Malangizo a bungwe la WHO amati chisungidwe zaka zitatu.

Anthu ambiri akamva za katemera kuonongeka amaganiza za kutentha: magetsi athima, kunja kuli dzuwa la Okutobala, firiji yafunda. Vuto limenelo liripodi, koma lili ndi mboni yake. Pa kabotolo ka katemera pamakhala kachizindikiro kotchedwa VVM, kabwalo kozungulira kokhala ndi kabokosi koyera pakati. Kutentha kukamaunjikana kabokosiko kamada pang'onopang'ono ndipo sikayeranso. Kakafanana mtundu ndi bwalolo kapena kuda kuposa, kabotoloko katha ntchito, ngakhale tsiku lolembedwapo lisanakwane. Katemera wa poliyo wodonthezera m'kamwa ndiye sachedwa kugonja ku kutentha.

Kuzizira kopyola muyezo ndiko kulibe mboni yotero, ndipo ine ndimaona kuti apa m'pamene pali ngozi yaikulu. VVM sisintha ngakhale pang'ono katemera akaundana. Kabotolo kakaundana usiku n'kusungunuka m'mawa kamaoneka bwinobwino. Koma akatemera monga penta, amene amateteza ku matenda asanu kuphatikizapo kafumbata ndi chifuwa chokoka mtima, wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, wa kafumbata wa amayi oyembekezera ndi wa khansa ya khomo la chiberekero, ali ndi mchere wa aluminiyamu umene umathandiza thupi kumva katemerayo. Ukaundana umamatana n'kukhala timibulu, ndipo sumabwereranso mwakale. Mwana amabayidwa, m'buku lake mulembedwa kuti walandira, koma chitetezo chimene wapeza ndi chochepa kapena palibe.

Ndiye chifukwa chake kuwerenga nambala ya nthawi yomweyo sikukwanira. Choyezera chakale chija chimangonena za mphindi imene mwayang'anayo. Za pakati pa usiku sichidziwa. Masiku ano m'mafiriji ambiri a katemera muli kachipangizo kosunga mbiri ya masiku 30, monga Fridge-tag, kamene kamaikidwa pakati pa akatemera oopa kuundana, osati kutsamiritsa kukhoma. Zinthu zikakhala bwino kamaonetsa OK. Kutentha kukapitirira 8°C kwa maola 10 osadukiza, kapena kukatsika kufika pa -0.5°C kwa mphindi 60, kamaonetsa X. Taonani kusiyana kwake: kutentha kumapatsidwa maola khumi, kuzizira ola limodzi lokha. Mukadina READ mumaona tsiku lililonse nambala yokwera kwambiri, yotsika kwambiri ndi kutalika kwa nthawi imene zinthu zinali kunja kwa malire. Tchati chabwino chimalemba zonsezi.

Tiyerekeze chipatala chaching'ono cha kumapiri, mwezi wa Juni. Lachisanu masana magetsi athima kwa maola angapo, ndipo madzulo tchati chikuonetsa 9°C. Amene ali pantchito, pofuna kuteteza katemera, apotokola kabatani ka firiji kuti izizizira kwambiri, n'kupita kwawo. Magetsi ayaka usiku. Loweruka ndi Lamulungu palibe amene walemba. Lolemba 7 koloko m'mawa mlangizi apeza 3°C, nambala yokongola, koma pakona pali X. Atadina READ aona kuti usiku wa Loweruka kunafika -2°C kwa maola anayi. Panja amayi ayamba kale kukhala pamzere.

Choyamba chimene achite ndi kusabaya mwana aliyense ndi katemera wokayikitsayo. Chachiwiri, chimene ambiri amaphonya, ndi kusamutaya. Timabotolo tonse toopa kuundana amatiika padera m'katoni kolembedwa kuti asagwiritsidwe ntchito, ndipo katoniyo imakhalabe pakati pa 2°C ndi 8°C, kaya m'firiji ina kaya m'bokosi losunga kuzizira. Chifukwa chake n'chakuti mwina ena apulumuka, ndipo kuwasiya pa tebulo kungawaphe ndi kutentha chigamulo chisanabwere. Kenako amalemba zimene wapeza: tsiku, nambala yotsikitsitsa, maola ake, dzina la katemera aliyense, nambala ya gulu limene anapangidwira, tsiku lothera ntchito, kuchuluka kwake ndi maonekedwe a VVM. Akatero amaimbira woyang'anira chipatala ndi mkulu wa katemera kuboma. Kabatani kaja amakabweza pomwe kanali, n'kumayang'ana nambala pafupipafupi mpaka itakhazikika chapakati, cha m'ma 5°C.

Sikelo ya tsikulo sifa yonse. Katemera wa BCG ndi wa chikuku ali ngati ufa wouma ndipo kuundana sikumuononga. Wa poliyo wam'kamwa nayenso sakuopa. Amenewa angaperekedwe ngati VVM ili bwino, bola timabotolo ta madzi osungunulira tisakhale titang'aluka. Amayi oyembekeza penta auzidwe zoona ndi tsiku lobweranso.

Tsopano pamafunika kudziwa ngati penta uja anaundanadi. Ngati kabotolo kapezeka kali gwa, palibenso zoyeza, kaonongeka. Ngati kakuoneka kamadzimadzi, pali mayeso okhutchumula. Amatenga kabotolo kamodzi ka katemera yemweyo, kampani yomweyo, gulu lomwelo, amakalemba kuti n'koundanitsa dala, n'kukaika mufiriza pa -10°C kapena kutsika kuposa apo kwa maola osachepera 10 mpaka kaume. Akakasiya kusungunuka kokha osakawotha, amakagwira m'dzanja limodzi ndi kokayikitsako, amakhutchumula mwamphamvu masekondi 10 mpaka 15, n'kutiimika pamodzi pamalo owala. Koundanitsa dala kaja kamadikha msanga ngati thobwa lakhalitsa m'kapu, nsenga pansi, madzi oyera pamwamba. Kokayikitsako kakakhalabe kotuwa nthawi yaitali kuposa kanzake, kapulumuka. Kakadikha mofanana kapena mofulumirirapo, kaonongeka, ndipo akuboma ndi amene amagamula za otsalawo ndi katayidwe kake. Gulu lililonse limayezedwa palokha, ndipo kabotolo koundanitsa dala sikabayidwa munthu. Mayesowa ali ndi malire ake: amagwira ntchito pa akatemera a aluminiyamu okha. Katemera wa poliyo wobaya ndi wa rota naye amaopa kuundana, koma kukhutchumula sikuonetsa kanthu pa iwo, choncho chigamulo chimachokera pa mbiri ya kachipangizo kaja ndi mawu a akuluakulu a pulogalamu ya katemera.

Tibwerere ku Lachisanu lija, pamene vuto linabadwira. Nambala ya 9°C magetsi atangothima si chifukwa chogwirira kabatani. Firiji sinafooke, yangosowa magetsi, ndipo akabwera idzatsika yokha. N'chimodzimodzinso katundu watsopano akangolowa kumene. Chofunika nthawi imeneyo ndi kusatsegulatsegula. Firiji yokhala ndi madzi oundana m'makoma mwake imasunga kuzizira maola ambiri chivundikiro chikakhala chotseka, ndipo ya sola inapangidwa kuti idutse usiku ndi masiku a mitambo. Ngati magetsi alipo koma nambala ikukwerabe, munthu amayamba ndi zapafupi: pulagi yalowa bwino? Chitseko chikutseka, labala wake sanang'ambike? Madzi oundana akunenepa kupitirira mamilimita 5? Kumbuyo kwadzaza fumbi, kapena firiji yakanikizidwa kukhoma? Pa sola pagwa masamba kapena mthunzi wa mtengo? Mwina m'firijimo mwalowa zakumwa ndi ndiwo za anthu, chimene sichiloledwa konse. Zonsezi zikakhala bwino koma nambala osatsika, ndi nthawi yoitana mmisiri wa mafiriji ndi kusamutsa katemera, osadikira kuti X aoneke.

Posamutsa palinso msampha womwewo. Ma ayisipaki ochokera mufiriza amakhala ozizira kwambiri kuposa 0°C, ndipo kabotolo ka penta kakawakhudza kakhoza kuundana m'bokosi momwemo. Amayenera kuyalidwa pa tebulo mpaka atayamba thukuta, ndipo mukawagwedeza muzimva madzi akuyenda m'kati. Akatero m'pamene amaikidwa m'mbali mwa bokosi, katemera pakati ali m'makatoni ake, choyezera pomwepo. Kumene katemerayo akupita kuyenera kudziwika kale. Pakhoma pafupi ndi firiji pazikhala pepala lonena chipatala chapafupi chokhala ndi malo, manambala a foni, amene amasunga kiyi usiku ndi kumene kungachokere galimoto kapena njinga yamoto. Zimenezi sizifufuzidwa mumdima ndi tochi ya foni.

Woyang'anira wodziwa ntchito amawerenga tchati ngati nkhani. Nambala zikamatsika pang'onopang'ono m'mawa uliwonse, 4, kenako 3, kenako 2, amadziwa kuti kuundana kuli pafupi ngakhale malire sanadumphidwe. Zikamakwera madzulo a masiku a sikelo okha, chitseko chikutsegulidwa kwambiri. Ndipo akaona 5°C m'mawa ndi madzulo mwezi wonse, cholembera chimodzi, kalembedwe kamodzi, amakayika, chifukwa firiji yeniyeni imasinthasintha. Tchati chotero nthawi zambiri chimadzazidwa tsiku limodzi alendo akuboma akamabwera. Mantha ndi amene amabala zimenezi. Ngati wolemba 10°C kapena wonena za X amakalipidwa, mawa adzalemba 5°C, ndipo olipira ake ndi ana. Kabokosi kamene sikanawerengedwe kasiyidwe kopanda kanthu, n'kulembapo chifukwa chake, kenako mbiri ya m'kachipangizo idzaze mpatawo.

Nkhani ya Lolemba ija imatsekedwa papepala. Pa tchati pamalembedwa chimene chinachititsa, chimene chinachitidwa ndi amene anauzidwa. Timabotolo totayidwa timachotsedwa m'buku la katundu ndi chifukwa chake, kuti oda ya katemera wina ipite msanga. Firiji sibwezeredwa katemera mpaka itaonetsa kuti yakhazikika m'malire usana ndi usiku. Zikadziwika kuti ana ena anabayidwa katemera woonongekayo X asanaonedwe, kaundula wa sikelo amatsegulidwa, maina awo amapezedwa, ndipo akuboma akagamula kuti abayidwenso, alangizi a zaumoyo amawalondola m'midzi mwawo.