Batire Lolembedwa 100Ah Silipereka Zonse

M'mwezi wa Juni chiperoni chikakuta Thyolo kapena Mulanje, dzuwa limatha kubisala masiku awiri atatu. Apa m'pamene nyumba zambiri za sola zimagwa mdima usiku usanapite patali, eni ake n'kumadandaula kuti anawagulitsa batire lachinyengo. Nthawi zambiri batirelo lilibe mlandu. Linangochepa kuyambira tsiku logula.

Tiyeni titenge nyumba ya mababu anayi a mawati 5, oyaka maola asanu. Amenewa amadya 100Wh, poti timachulukitsa mawati ndi maola. Wailesi ya kanema ya mawati 40 ikaonedwa maola anayi imadya 160Wh, ndipo kutchaja mafoni tiike 40Wh. Pa tsiku nyumbayi ikufuna 300Wh.

Koma magetsi podutsa mu inveta ena amasanduka kutentha. Mukaigwira mumamva kufunda. Inveta ikamapereka 85 pa 100 iliyonse yomwe yalandira, batire liyenera kutulutsa pafupifupi 353Wh kuti 300Wh ifike m'nyumba. Mukafuna kuti nyumba ipirire masiku awiri opanda dzuwa, pakufunika 706Wh.

Tsopano tafika pomwe ambiri amaphonya. Batire la 100Ah pa mavoti 12 limasunga 1,200Wh, ndiye munthu amaganiza kuti zakwana ndi kutsala. Ayi. Batire la asidi lili ngati chitsime chomwe ukatunga mpaka pansi umachiwononga. Likamatsitsidwa kupyola theka kawirikawiri, makamaka likagona masiku osadzazanso, mbale zake za mtovu zimamera zokakamira zolimba zosasungunukanso, ndipo mphamvu yosunga moto imachepa osabwereranso. Choncho pa 1,200Wh paja zanu zenizeni ndi 600Wh basi, zosafika pa 706Wh. Nyumba yathuyi ikufuna 1,412Wh, ndipo tikagawa ndi 12 tipeza pafupifupi 118Ah. Ine ndingagule la 150Ah, chifukwa batire likamakalamba limasunga zochepa, komanso pakhomo sipachedwa kubwera chipangizo china.

Batire lolembedwa LiFePO4 limalola kutungamo 80 pa 100 popanda vuto, motero la 100Ah likwanira bwino nyumba yomweyi, ngakhale mtengo wake ndi wokwera. La galimoto musaliyese n'komwe: linapangidwira kulizitsa injini kwa kamphindi, osati kuyatsa nyumba usiku wonse.

Kuti mudziwe ngati batire lanu la asidi likuzunzika, lipimeni m'mamawa dzuwa lisanatuluke, mutazimitsa zonse ndi kulipumitsa kwa ola limodzi kapena awiri. Lodzaza limaonetsa mavoti pafupifupi 12.7, ndipo lofika theka limakhala cha pa 12.1 kapena 12.2. Mukamalipeza pansi pa 12 m'mawa uliwonse, ndiye kuti batire lachepa kapena mapanelo sakulidzaza. Pimaninso madzulo dzuwa litalowa: ngati nthawi imeneyonso silikufika pa 12.6, yambani mwaona mapanelo musanawononge ndalama pa batire lina.