Kutsitsa nyimbo pansi pa mawu ndi kuona ngati ili ndi chilolezo

Nyimbo yoikidwa pansi pa mawu a munthu imafunika kuchepa mphamvu iye akangotsala pang'ono kulankhula, n'kudzakweranso akamaliza. Mphamvu ya mawu imayezedwa m'madesibelo, omwe pakompyuta amalembedwa dB. Malangizo a bungwe la W3C, oteteza anthu amene amamva movutikira, amati nyimbo ikhale pansi pa mawu ndi madesibelo osachepera 20, kutanthauza kuti khutu liziimva motsika pafupifupi kanayi. Nyimbo yomwe ili ndi woimba imavuta kuposa ya zing'wenyeng'wenye zokha, chifukwa womvera amayamba kutsatira anthu awiri nthawi imodzi.

Chitsanzo chabwino ndi uthenga wa masekondi 30 wotsatsa malonda a shopu, wokonzedwa mu Audacity, pulogalamu yaulere yokonzera mawu. Nyimbo imayamba yokha, ndipo wolankhula amalowa pa sekondi yachisanu. Mzere wa nyimbo umaikidwa pamwamba, wa mawu m'munsi mwake mwenimweni, chifukwa chida cha Auto Duck chimamvera mzere wapansiwo kuti chidziwe nthawi yotsitsira. Wokonza amasankha mzere wa nyimbo wokha n'kutsegula chidacho.

Manambala omwe chidachi chimabwera nawo nthawi zambiri sakwanira. Duck amount imakhala pa -12 dB, ndipo pasipika ya foni nyimbo yotere imamezabe mawu, choncho ndi bwino kuyesa -18 kapena -20. Outer fade down length ndi nthawi imene nyimbo imatenga potsika munthu asanayambe kulankhula. Theka la sekondi limamveka ngati wina wamenyetsa chitseko, pomwe sekondi imodzi imachititsa kuti nyimbo iyambe kutsika pa sekondi yachinayi, mawu oyamba n'kupeza malo atakonzedwa kale. Pokwera pamafunika kudekha kwambiri, mwina masekondi awiri pa Outer fade up length.

Vuto limene limaononga ntchito zambiri limachokera pa Maximum pause, yomwe imakhala pa sekondi imodzi. Wolankhula akapuma motalikirapo pakati pa ziganizo, chidacho chimaganiza kuti wamaliza, nyimbo n'kukwera kenako n'kugwanso mwadzidzidzi. Kukweza nambalayi kufika pa masekondi awiri kapena atatu kumathetsa kudumphadumphako. Ngati nyimbo yatsika n'kukana kukweranso, kawirikawiri chifukwa chake ndi phokoso la m'chipinda chojambulira, monga la fani, lomwe lapitirira Threshold ya -30 dB n'kutengedwa ngati mawu. Pa uthenga waufupi chonchi, kutsitsa pamanja ndi Envelope Tool kumatuluka bwino kuposa. Pomaliza ntchito yonse imvetseredwe pasipika ya foni, osati pamahedifoni okha, poti ambiri adzaimvera pamenepo.

Kutsitsa nyimbo sikuchotsa umwini wake. Chikhulupiriro chofala chakuti masekondi ochepa a nyimbo ya wina ndi aulere chilibe maziko, ndipo kulemba dzina la woimba sikulowa m'malo mwa chilolezo. Nyimbo yojambulidwa imakhala ndi umwini pawiri: wa amene anaipeka ndi wa amene anaijambula. Nyimbo yakale imene wopeka wake anamwalira kalekale ikhoza kukhala ya aliyense, koma chimbale chatsopano cha nyimbo yomweyo chili ndi eni ake. Ku Malawi, zilolezo zoulutsira nyimbo zimayendetsedwa ndi bungwe la COSOMA potsatira lamulo la umwini wa ntchito zaluso la 2016. Laisensi imene wailesi ili nayo yoimbira nyimbo pamphepo isatengedwe ngati chilolezo choika nyimboyo mu uthenga wamalonda. Pamenepo pamafunika kufunsa eni ake kapena bungwelo.

Nyimbo zambiri zotchedwa zaulere zimakhala ndi laisensi ya Creative Commons, ndipo zilembo zake n'zofunika kuziwerenga. CC0 imalola zonse. BY imafuna kuti mwini atchulidwe, pamodzi ndi mtundu wa laisensi. NC imaletsa kuigwiritsa ntchito pamalonda, kotero uthenga wa shopu uja sungaigwiritse ntchito ngakhale mwini atatchulidwa. ND imaletsa kufalitsa nyimbo yosinthidwa, ndipo malaisensiwa amanena poyera kuti kuphatikiza nyimbo ndi zithunzi zoyenda n'kusintha, choncho singalowe mu vidiyo. SA imafuna kuti ntchito yatsopanoyo ituluke ndi laisensi yofanana nayo.

Wokonza asunge chithunzi cha laisensi monga inkaonekera tsiku lomwe anatenga nyimbo, kapena risiti ngati anagula. Pa YouTube, makina a Content ID amatha kuzindikira nyimbo ngakhale ili pansi pa mawu, ndipo mwini wake angathe kutseka vidiyo kapena kutenga ndalama zake. Potsutsa dandaulo lotere, chithunzi kapena risiti ija ndiyo imaperekedwa ngati umboni.