Mpira wodumphadumpha pa kanema wojambula pamanja

Ofuna kuphunzira makatuni amayambira pa mpira wodumpha. Kanema amaonetsa zithunzi 24 pa sekondi imodzi, ndiye tinene kuti mpira wanu ugwa pa zithunzi 12. Chiwerengerochi ndicho chimatiuza nthawi imene mpirawo utenge: theka la sekondi.

Koma nkhani yagona pa mipata. Mpira ukakhala pamwamba umachedwa, choncho jambulani timipira tothithikana. Ukamatsika umanka nufulumira, mipata nayo izinka ikukula: ngati mpata woyamba uli wa sentimita 1, wachiwiri ukhale 3, wachitatu 5. Mukaika mipata yofanana, mpira umaoneka ngati ukutsitsidwa ndi chingwe.

Utatsala pang'ono kugunda pansi, utalikitseni molunjika kumene ukupita. Ukagunda, uphwathalale pa chithunzi chimodzi kapena ziwiri basi, chifukwa mukachulutsa umachita ngati wamatirira pansi. Apa ambiri amaiwala kuti mpira ukafupika uyenera kutambasuka m'mbali, apo ayi umaoneka wochepa. Mpira wachitsulo musauphwathalalitse n'komwe.

Kudumpha kwachiwiri kukhale kofupikirapo, ndipo zithunzi zake zichepenso.