Adiresi ya mawu: chifukwa chake mlaliki satchula tsamba

Lamulungu lililonse m'mawa, wowerenga mawu akaimirira kutsogolo n'kutchula buku, mutu ndi ndime, m'tchalitchi mumamveka kaphokoso ka mapepala. Agogo atsegula Buku Lopatulika lothothoka chikuto, mayi wa chigwirizano wanyamula Buku Loyera, mwana wasukulu ali ndi Baibulo la Chingerezi, pamene mnyamata wina akungodina foni. Pasanathe mphindi, onsewa afika pa mawu amodzi.

Wowerengayo akadati anthu atsegule tsamba 900, zinthu zikadasokonekera. Wina akadapezeka ali kwa aneneri, wina m'Chipangano Chatsopano, ndipo wa foni uja akadangoti kukamwa yasa popeza foni ilibe masamba.

Nambala ya tsamba imasintha malinga ndi kukula kwa zilembo, kukula kwa pepala komanso chiyankhulo. Buku Lopatulika lidatuluka mu 1922, Malembo Oyera mu 1966 ndipo Buku Loyera mu 1998. Mabukuwa amasiyana kutalika kwa ziganizo, choncho masamba ake sangafanane. Koma Yohane 3:16 ali pa mutu 3 ndime 16 m'mabuku onsewa. Tsamba ndi la wosindikiza, pamene mutu ndi ndime zimayenda ndi mawuwo kulikonse kumene apita.

Komabe adiresi imeneyi idapangidwa ndi anthu, ndipo pali malo angapo pamene imasocheretsa. Banja losadziwa malo amenewa likhoza kulembetsa ndime yolakwika pa pulogalamu ya maliro, pa khadi la ukwati ngakhale pa chiliza.

Adayamba ndani?

Amene adalemba mabuku a m'Baibulo sadaike mitu kapena manambala a ndime. Mawu ankalembedwa pa mipukutu, ndipo wofuna malo ena ankafunyulula mpaka awapeze. Pa Marko 12:26, Yesu pofuna kuloza malo ena m'mabuku a Mose adangotchula nkhani ya chitsamba, chifukwa panalibe nambala yoti atchule. Lero malowo amatchedwa Eksodo 3.

Mitu imene ikugwiritsidwa ntchito lero idabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1200. Akatswiri ambiri amati adaigawa ndi Stephen Langton, Mngerezi amene ankaphunzitsa ku Paris ndipo pambuyo pake adakhala Akibishopu wa ku Canterbury mpaka imfa yake mu 1228. Ophunzira a ku Paris ankachokera m'maiko osiyanasiyana ndi mabuku okopedwa pamanja, kotero ankafuna njira imodzi yolozerana malo.

Ndime za Chipangano Chakale zidagawidwa kale ndi alembi a Chiyuda, ngakhale sankazipatsa manambala. Za Chipangano Chatsopano zidadikira mpaka 1551, pamene wosindikiza mabuku wa ku France, Robert Estienne, adatulutsa ku Geneva Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chokhala ndi manambala a ndime. Mu 1555 adatulutsa Baibulo lonse la Chilatini lokhala ndi manambalawa, ndipo mu 1560 Baibulo la Chingerezi la Geneva lidawatengera. Omasulira a m'maiko ena, kuphatikizapo a Chichewa, adatsata momwemo.

Izi zikutanthauza kuti Akhristu adakhala zaka zoposa 1,400 akuwerenga Uthenga Wabwino wa Yohane popanda chinthu chotchedwa ndime 16.

Salimo 22 kapena 23?

Chisokonezo chachikulu chili m'buku la Masalimo. Mwachitsanzo, banja likukonza mwambo wovundukula chiliza cha bambo awo. M'kabuku kakale ka mapemphero ka malemuwo apezamo mzere pansi pa Salimo 22, ndipo agwirizana kuti nambala imeneyi ilembedwe pamwala. Mmisiri wagoba bwinobwino. Tsiku la mwambo, mdzukulu atsegula Baibulo lake pa Salimo 22 ndipo apeza kulira kwa munthu amene akuona ngati Mulungu wamusiya. Chonsecho bambowo ankakonda salimo lonena za Mulungu ngati m'busa, limene m'Baibulo la mdzukuluyo ndi Salimo 23.

Palibe buku limene lalakwa apa. Masalimo ali ndi kawerengedwe kawiri. Koyamba ndi ka Chihebri, kamene mabaibulo ambiri a lero amatsata. Kachiwiri ndi ka Baibulo lakale la Chigiriki, kamene Baibulo la Chilatini lidatengera, ndipo kamapezeka m'mabuku akale a Chikatolika komanso m'mipingo ya Orthodox.

Kusiyanaku kumayambira pa Salimo 9 ndi 10. Chihebri chimati awa ndi masalimo awiri, pamene Chigiriki chimawawerenga ngati limodzi. Kuchokera pamenepo Chigiriki chimatsalira ndi nambala imodzi, mwakuti 23 wa Chihebri ndi 22 wa Chigiriki, ndipo 91 ndi 90. Pakati pa 114 ndi 116 pali kuphatikiza ndi kugawa kwina, kenaka kutsalira kuja kumapitirira mpaka pa Salimo 147, limene Chigiriki chimaligawa pawiri. Motero kuyambira 148 mpaka 150 mbali ziwirizi zimakumananso. N'chifukwa chake kuyang'ana tsamba lomaliza sikuthandiza kudziwa kawerengedwe kamene buku likutsata.

Njira yachidule ndi kufunafuna salimo lalitali kuposa onse, la ndime 176. Likakhala pa nambala 119, bukulo likutsata Chihebri. Likakhala pa 118, likutsata Chigiriki, ndipo nambala ya salimo la m'busa iyenera kuwonjezeredwa imodzi isanapite kwa mmisiri. Mabuku ena amathandiza posindikiza manambala onse awiri, ina kunja ina m'mabulaketi.

Mutu wosowa, ndime yodumphidwa

Wina akhoza kuuzidwa kuti awerenge Malaki 4:5, ndime yonena za kubwera kwa Eliya, n'kupeza kuti m'Baibulo lake buku la Malaki lathera pa mutu 3. Mawuwo sadachotsedwe ayi. Mabaibulo otsata magawidwe a Chihebri, monga la Chingerezi la Jerusalem, amapitiriza mutu 3 mpaka ndime 24. Mutu 3 wa mabaibulo enawo uli ndi ndime 18, choncho ongowonjezera 18 pa 5 apeza mawu aja pa Malaki 3:23.

Nkhani ina imene imautsa mikangano m'misika ndi m'maminibasi ndi ya ndime zodumphidwa. M'mabaibulo ambiri atsopano, wowerenga Machitidwe 8 amachoka pa ndime 36 n'kufika pa 38. Ndime 37 imapezeka m'munsi mwa tsamba kapena m'mabulaketi. Chimodzimodzinso Mateyu 17:21 ndi Yohane 5:4. Ena amafulumira kunena kuti omasulira adaba mawu a Mulungu.

Gwero lake ndi lakuti Estienne adaika manambala ake pa mawu a Chigiriki amene anali nawo mu 1551, ochokera m'mabuku okopedwa mochedwerapo. Pambuyo pake akatswiri adayamba kugwiritsa ntchito mabuku akale kwambiri, monga awiri otchuka a zaka za m'ma 300 otchedwa Sinaiticus ndi Vaticanus, ndipo ndime zimenezi mulibemo. Omasulira amene adatsata mabuku akalewa adasankha kudumpha nambalayo m'malo mowerenganso mwatsopano. Akadapanda kutero, ndime 38 ikadasanduka 37, ndipo adiresi ya ndime zonse zotsatira ikadasiyana ndi ya mabaibulo ena. Zili ngati nyumba imodzi ikachotsedwa pamzere, manambala a nyumba zinazo sasinthidwa.

Kumene mutu wadula nkhani

Popeza manambala adabwera mochedwa, nthawi zina amadula nkhani pakati. Nkhani ya masiku a chilengedwe siithera pa Genesis 1, chifukwa tsiku lachisanu ndi chiwiri lili pa Genesis 2:1-3. Ndakatulo ya mtumiki wozunzika, imene ambiri amaitcha Yesaya 53, imayambira pa Yesaya 52:13. Woyambira pa mutu 53 amaphonya ndime zitatu zoyamba. N'chifukwa chake aphunzitsi a Baibulo amalangiza kuwerenga ndime zingapo za m'mbuyo ndi za kutsogolo musanamange mfundo pa ndime imodzi.

Ku mzikiti ndi ku yunivesite

Asilamu nawo amatchula sura ndi aya. Korani ili ndi masura 114, ndipo kawerengedwe kofala kwambiri, kamene kadakhazikika ndi buku losindikizidwa ku Cairo mu 1924, kamapeza maaya 6,236. Aya yotchuka ya Mpando Wachifumu ili pa 2:255, m'sura ya Bakara. Koma m'mabuku akale a Azungu otsata manambala a Gustav Flügel a 1834, aya yomweyo ili pa 2:256. Apa dzina la sura ndi dzina la aya zimapulumutsa wowerenga pamene nambala yaterereka.

Kwa anzeru akale a ku Girisi zinthu zidayenda mwamtundu wina. Mwana wa Robert Estienne, dzina lake Henri, adasindikiza mabuku a Plato mu 1578, ndipo tsamba lililonse adaligawa ndi zilembo kuyambira a mpaka e. Akatswiri adazolowera kutchula masamba a buku limeneli, ndipo osindikiza onse otsatira amaika manambala akalewo m'mphepete mwa masamba awo. Wophunzira akauzidwa kuti fanizo la anthu omangidwa m'phanga likuyambira pa 514a m'buku la Republic, sayang'ana tsamba 514 la buku lake. Amatsata timanambala ta m'mphepete mpaka atapeza 514a.

Musanapite kwa wosindikiza

Kalembedwe kake kali ndi dongosolo: dzina la buku, mutu, kenaka ndime. Luka 2:1-7 akutanthauza kuyambira ndime 1 mpaka 7, pamene Luka 2:1,7 akutanthauza ndime ziwiri zokha. Mabuku ena, makamaka osindikizidwa ku Ulaya, amalemba Luka 2,7 potanthauza mutu 2 ndime 7.

Nambala ya kutsogolo kwa dzina siyofunika kuiiwala. Yohane 3:16 ndi 1 Yohane 3:16 ndi mabuku awiri osiyana, wina Uthenga Wabwino, wina kalata. Ndipo mabuku asanu ali ndi mutu umodzi wokha: Obadiya, Filemoni, 2 Yohane, 3 Yohane ndi Yuda. Wolemba Yuda 3 akunena ndime 3, osati mutu 3.

Pomaliza, ngati mawu enieniwo alembedwa pa khadi kapena pamwala, dzina la Baibulo limene achokera liyenera kutchulidwa, popeza nambala imalondolera pamalo amodzi koma mawu a Buku Lopatulika ndi a Buku Loyera pamalopo amasiyana. Ndipo mmisiri asanayambe kugoba, wina m'banjamo atsegule Baibulo limene adzawerenge tsiku la mwambo, awerenge ndimeyo mokweza onse akumva. Pulogalamu yolakwika imasindikizidwanso, koma mwala ukagobedwa wagobedwa.