Zigaza za Morton ndi Ana a ku New York

Ku Philadelphia, dokotala Samuel George Morton anasonkhanitsa zigaza za anthu mazanamazana. Ankathira njere, kenako timipira ta mtovu, m'chigaza chilichonse mpaka kudzaza, n'kukhuthulira m'chiwiya choyezera kuti adziwe kukula kwa ubongo. M'mabuku ake, kuyambira 1839, anaika Azungu pamwamba, anthu akuda pansi. Oikira kumbuyo ukapolo anawomba m'manja.

Komatu chigaza chimatsata thupi: munthu wamkulu thupi amakhalanso ndi mutu waukulu, ndipo zigaza za amuna kawirikawiri zimaposa za akazi. Kukula kwa mutu si muyezo wa nzeru.

Ndiye panabwera Franz Boas. Iye anayeza anthu oposa 17,000 ku New York, makolo ochokera ku Ulaya ndi ana awo. Lipoti lake la 1911 linasonyeza kuti mitu ya ana obadwira ku Amereka inali yosiyanako maumbidwe ndi ya abale awo obadwira ku Ulaya. Chimene ankati ndi chidindo chosasintha cha mtundu chinasintha mu m'badwo umodzi wokha.

Zigaza zija zinali za anthu, ena mwa iwo akapolo, ndipo palibe anawapempha chilolezo. Mu 2021, Penn Museum, yomwe inkazisunga, inapepesa.