Kuyendera limodzi si kuyambitsana

Mu 2004, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse la Malawi anapeza zodabwitsa. Mwa amuna 100 odulidwa, pafupifupi 13 anali ndi HIV, pomwe mwa amuna 100 osadulidwa anali pafupifupi 10. Ndiye kuti mdulidwe umawonjezera matenda eti? Ine ndikuti ayi, tayambani mwafunsa kuti amunawo amakhala kuti.

Odulidwa ambiri amakhala m'Chigawo cha Kummwera, m'maboma ngati Machinga ndi Balaka, komwe jando ndi mwambo wakalekale. Koma nthawi imeneyo HIV inali yofala kwambiri m'chigawo chonsecho kusiyana ndi Pakati ndi Kumpoto, ngakhale m'maboma omwe amuna ambiri sadulidwa. Choncho poyerekeza odulidwa ndi osadulidwa, tikuyerekezanso zigawo mosazindikira. Dera ndilo chinthu chachitatu chobisala kuseli kwa manambalawo.

Palinso china. Kafukufukuyu ankangofunsa pakamwa, pomwe ku jando ena sachotsedwa khungu lonse. Komanso mafunso a tsiku limodzi sangaonetse chomwe chinayamba, mdulidwe kapena kachilombo.

Nanga zoona zinadziwika bwanji? Ku South Africa, Kenya ndi Uganda, akatswiri anagawa amuna opanda kachilombo m'magulu awiri mwa maere: ena anadulidwa nthawi yomweyo, ena anadikira. Maere aja anachititsa kuti magulu afanane pa zina zonse, kusiyana kukhale mdulidwe basi. Zotsatira za mu 2005 ndi 2007 zinaonetsa kuti mdulidwe wa kuchipatala umachepetsa chiopsezo cha mwamuna ndi pafupifupi 60 peresenti, osati kuchithetseratu.

Ndiye mukaona manambala awiri akukwera limodzi, funsani kuti magulu akuyerekezedwawo akusiyananso pa chiyani.